Katuni siibisa mwana wa eni ake

Abale anga a kuno ndi a kutali, ndikufuna kutsutsa mawu amene ndawamva kambirimbiri chiyambire chaka cha 2025. Mawuwo ndi akuti, “Palibe vuto, ndachisandutsa katuni.” Amawanena ndi anthu abwino ndithu: azakhali okonda ana a alongo awo, aphunzitsi a sukulu za mkaka, atsogoleri a kwaya za ana. Munthu watenga chithunzi cha mwana amene si wake, wachilowetsa m'pulogalamu yosintha zithunzi, chatuluka chokongola ngati cha m'kanema wa ana, iye n'kuchiika pa intaneti mtima uli phee. Mukamufunsa ngati anapempha eni mwana, amadabwa, chifukwa kwa iye nkhope yeniyeni ya mwanayo sinaoneke. Ine ndikuti akudzinamiza. Katuni imafuna chilolezo chochuluka kuposa chithunzi wamba, ndipo ndionetsa chifukwa chake.

Mchitidwewu unakula kwambiri kumapeto kwa mwezi wa Malichi 2025, pamene kampani ya OpenAI inaika mu ChatGPT njira yatsopano yopangira zithunzi. M'masiku ochepa okha anthu padziko lonse anayamba kusandutsa zithunzi za mabanja awo kuti zifanane ndi makanema a Studio Ghibli a ku Japan, ndipo mkulu wa kampaniyo, a Sam Altman, analengeza kuti tsiku lina analandira anthu atsopano miliyoni imodzi mu ola limodzi. Fundelo linafika kwathu kudzera m'magulu a mabanja a pa WhatsApp, mmene wa ku Joni, wa ku Chipata, wa ku Tete ndi wa ku Mangalande amakumana tsiku ndi tsiku. Ndi m'gulu lotere mmene ndinaonera zimene ndikufuna kukusimbirani.

Kunali phwando la tsiku lobadwa la mwana wa mlongo wanga. Ana asanu anaima pakhonde atangoweruka kusukulu, akadali m'yunifolomu, ndipo mlamu wanga anawajambula n'kutumiza chithunzicho m'gulu la banja. Atatu mwa anawo anali athu. Awiri anali a anansi. Msuweni wathu wina amene amakhala ku Joni anachiona usiku womwewo, anachisandutsa katuni, nachiika pa Facebook pamalo poti aliyense aone. Pansi pake analemba mayina a ana onse asanu, nawonjezera kuti ndi ana anzeru a sukulu yakutiyakuti. Anachita zonsezi mwachikondi, ndipo anthu ambiri anayamikira.

Chimene msuweniyo sanadziwe n'chakuti mayi wa mmodzi mwa ana a anansi aja anachoka kwa mwamuna amene ankamumenya, nasamukira kudera lathu mwakachetechete, osauza ngakhale abale a mwamunayo. Patapita masiku, chithunzi chija chinadutsa m'manja mwa anthu mpaka chinafika kwa mlongo wake wa mwamuna uja. Iye sanavutike kuzindikira. Katuniyo inakulitsa maso a mwanayo n'kusalaza masaya ake, koma inasiya mpata wa pakati pa mano ake, inasiya kalukidwe ka tsitsi lake, inasiya mtundu wa yunifolomu ndi baji ya pachifuwa, ndipo dzina ndi sukulu zinali zolembedwa pansi. Mlungu wotsatira bamboyo anapezeka pachipata cha sukulu. Mphunzitsi wamkulu anakana kumupatsa mwana, ndipo tikuthokoza kuti zinathera pomwepo. Koma mayiyo anachotsa mwana wake pasukulupo teremu ili pakati, nasamukanso. Ndalama za nyumba zimene analipiriratu zinapita, geni yake ya mandasi inaima, ndipo mwanayo anataya anzake kachiwiri. Msuweni wathu atauzidwa, mawu ake oyamba anali omwe aja, akuti inali katuni chabe.

Tiyeni tione bwino zimene zinachitika pakati pa foni ya mlamu wanga ndi chipata cha sukulu, chifukwa cholakwa sichinali chimodzi.

Choyamba chinachitika katuni isanabadwe n'komwe. Mapulogalamu ambiri amtunduwu sagwira ntchitoyo m'foni mwanu. Amatenga chithunzi chenicheni, chosasinthidwa, n'kuchitumiza ku makompyuta akuluakulu a kampani, ndipo katuni imabwera kuchokera kumeneko. Mukhoza kudziyesera nokha: zimitsani intaneti, muyese kusintha chithunzi. Pulogalamu ikakana kugwira ntchito, n'kutheka kwambiri kuti chithunzicho chimatuluka m'foni mwanu. Choncho munthu amene akunena kuti anateteza mwana posaonetsa nkhope yake yeniyeni, anali atapereka kale nkhope yeniyeniyo kwa kampani ya kudziko lina, pa mgwirizano umene iye mwini sanauwerenge, ndipo mayi wa mwana sanaumve n'komwe. Mu ChatGPT ya munthu wamba, zimene mwatumiza zikhoza kugwiritsidwa ntchito pophunzitsa makinawo pokhapokha mutazimitsa nokha pamene palembedwa Improve the model for everyone, m'gawo la Data controls. Ndi angati mwa ife anapitako asanatumize chithunzi cha mwana wa mnansi? Palinso uthenga wobisika m'chithunzi, umene akatswiri amautcha EXIF. Uthengawu umasunga tsiku, ola, mtundu wa foni, ndipo ngati foni inaloledwa kulemba malo, umasunganso pamene chithunzicho chinajambulidwira. WhatsApp imachotsa zimenezi chithunzi chikatumizidwa mwachizolowezi, koma imazisiya mukachitumiza ngati Document. Chithunzi chochoka m'kamera mwanu kupita ku pulogalamu ina chikhoza kunyamula zonsezo.

Chachiwiri ndi katuniyo. Ntchito yake yonse ndi kufanana ndi mwiniwake. Ikanatuluka yosafanana ndi ana aja, msuweni wathu akanakhumudwa n'kuyesanso mpaka ifanane. Wojambula katuni za andale m'nyuzipepala amadziwa bwino zimenezi: amataya zambiri, koma amasunga ndi kukulitsa zimene zimapangitsa munthu kudziwika, kaya ndi dazi, kaya ndi magalasi. Makina amachita zofanana. Mlendo wa kutali sangamudziwe mwanayo, n'zoona, koma mlendo wa kutali sindiye amene mayi uja ankamuopa. Woopsa kwa mwana kawirikawiri amakhala munthu amene amamudziwa kale, ndipo kwa munthu wotero katuni ndi chithunzi n'zofanana. Taganizirani za mwana wachialubino. M'Malawi tinaona ana otere akubedwa ndi kuphedwa, ndipo bungwe la Amnesty International linatulutsa lipoti la zimenezi mu 2016. Katuni ya mwana wotere, ataima pakhomo pa nyumba ali m'yunifolomu ya sukulu yake, imanena zonse zimene munthu wa mtima woipa akufuna kudziwa, ngakhale itakongola chotani.

Chachitatu ndi mawu a pansi pa chithunzi. Ambiri timasamala nkhope n'kuiwala kuti dzina ndi malo zimaulula msanga kuposa nkhope. Mu 2024 bungwe la Human Rights Watch linafufuza kachigawo kochepa kwambiri ka nkhokwe yaikulu yotchedwa LAION-5B, imene inasonkhanitsidwa pa intaneti kuti iziphunzitsira makina opanga zithunzi. M'kachigawo kameneko linapeza zithunzi 170 za ana a ku Brazil, kenaka 190 za ana a ku Australia. Zina zinali ndi mayina a anawo ndi malo amene zinajambulidwira, ndipo zina zinaikidwa pa intaneti zaka zambiri mapulogalamu amenewa asanabwere. Amene anaziika sankadziwa kuti tsiku lina zidzatoledwa. Nafenso sitikudziwa amene adzatole zathu. Kuika pa Status sikuthandiza kwenikweni, chifukwa ngakhale chithunzi chimazimiririka pakatha maola 24, aliyense wochiona akhoza kuchikopera m'foni mwake nthawiyo isanathe.

Pali chinanso chimene sichikambidwa kawirikawiri. Kusandutsa chithunzi ndi kusintha thupi la munthu pamaso pa anthu, ndipo amene amasankha kasinthidweko ndi makina, osati inu. Mu 2017 pulogalamu ya FaceApp inali ndi njira imene ankati imakongoletsa munthu, ndipo anthu akuda anapeza kuti kukongoletsako kunali kuwayeretsa khungu. Eni pulogalamuyo anapepesa. Kumapeto kwa 2022 amayi ambiri amene anatumiza zithunzi zawo ku Lensa, imene inkafuna zithunzi 10 mpaka 20 za nkhope, anadandaula kuti zina zinabwerako zitawavula kapena zitawaveka zosayenera, iwo osapempha. Pa katuni ya ana athu aja, onse asanu anatuluka oyererako kuposa mmene alili, mphuno zitachepa. Mwana wa mlongo wanga, wa zaka zisanu ndi ziwiri, anayang'ana katuniyo nthawi yaitali, kenaka anafunsa amayi ake chifukwa chimene iye sali wokongola ngati wa pachithunziyo. Palibe anapempha chilolezo chodzala funso limenelo mumtima mwake.

Tsopano ndiyankhe amene adzanditsutse, chifukwa ndikuwadziwa ndipo ena ndi abale anga enieni. Iwo amati nkhani za chilolezo ndi zachizungu, kwathu mwana ndi wa mudzi wonse, ndipo amatchula mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwambiwo ndimaulemekeza, koma akuupotoza. Umatiuza kuti mwana wa mnzako akakhala ndi njala umudyetse, akasochera umuperekeze, akaseweretsa moto umuletse. Umatipatsa udindo pa mwanayo. Sunanenepo kuti mwana wa mnzako ukhoza kupita naye kumsika mayi ake osadziwa. Ndipo amene amati kupempha n'kwachilendo aiwala mawu amene timaphunzitsa mwana akangoyamba kutumidwa. Sitilowa pakhomo pa munthu osaodira. Timati “Odi!” n'kuima mpaka timve “Odini” kapena “Lowani,” ngakhale chitseko chili chotsegula, ngakhale mwini nyumba ndi mbale wathu. Mwana akabadwa amakhala m'chikuta, ndipo si aliyense amene amaloledwa kumuona kapena kumunyamula asanatulutsidwe. Makolo athu ankadziwa kuti pali nthawi yoonetsa mwana, ndiponso kuti pali eni ake oyenera kunena kuti nthawiyo yakwana. Chachilendo pakati pathu ndi mchitidwe uwu wolowa osaodira.

Chinenero chathu chomwe chikusunga umboni wa kusinthaku. Kale munthu ankati, “Ndikukajambulitsa.” Ankasamba, ankavala zabwino, ankapita yekha kwa wojambula, ankalipira, ndipo chithunzi chikatsukidwa ankachisunga m'nyumba n'kumasankha woti amuonetse. M'mawu akuti kujambulitsa, wochita ndi mwini nkhope. Lero ambiri timangojambulidwa, ndipo ana ndiwo amajambulidwa koposa, mwini nkhope atasanduka wochitiridwa. Onaninso kuti mawu akuti chithunzi ali ndi tsinde limodzi ndi mthunzi ndi chithunzithunzi. Amene anatcha dzinali anaona kuti chinthuchi chimatsata mwiniwake monga chithunzithunzi chimatsatira munthu padzuwa. Ndipo mneni mmodzi yemweyo, kujambula, timamugwiritsa ntchito pa kamera ndi pa pensulo pomwe. Chichewa sichisiyanitsa ziwirizi, ndipo pa nkhani iyi chikunena zoona.

Ena amati makolo a mwanayo amaika okha zithunzi zake, ndiye iwo alakwanji. Yankho ndi lakuti amene amadziwa zimene zikuchitika m'nyumba ndi mwini nyumba. Mayi akhoza kuonetsa mwana wake kwa anthu makumi awiri amene wawasankha, atatsekera kunja munthu mmodzi amene akumudziwa yekha. Inu simudziwa za mlandu wolimbirana mwana umene uli kukhoti, simudziwa za matenda, simudziwa za mapepala a banja limene likukhala m'dziko la eni. Simuyeneranso kudziwa. Mukuyenera kungofunsa, ndipo akakana musafunse chifukwa.

Enanso amafunsa ngati pali lamulo loletsa. Malamulo alipo. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limateteza chinsinsi cha munthu aliyense, ndipo gawo 10 la pangano la mayiko a mu Africa la ufulu wa ana, la 1990, limanena za chinsinsi cha mwana mwachindunji. Zambia inakhazikitsa lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu mu 2021, Zimbabwe chaka chomwecho, ndipo Malawi mu 2024, woyang'anira wake ndi MACRA. Ku South Africa lamulo la POPIA limaletsa kugwiritsa ntchito uthenga wa mwana wosakwana zaka 18 popanda chilolezo cha kholo kapena womulera, kupatula pa zifukwa zochepa zimene lamulolo latchula. Sukulu, mpingo kapena bungwe limene limasandutsa ana a anthu makatuni kuti likope makolo kapena opereka thandizo liyenera kuwerenga malamulo amenewa mosamala. Koma ndisakunamizeni: malamulowa analembedwa makamaka poganizira makampani ndi mabungwe, ndipo la POPIA limapatula zochitika za munthu payekha ndi za pabanja. Ngakhale lamulo likanagwira msuweni wathu, likanafika bambo uja ataima kale pachipata. Chimene chikanateteza mwana uja ndi funso limodzi lofunsidwa usiku womwe uja.

Funsolo lili ndi mbali zitatu, ndipo cholakwa chathu chachikulu ndi kuyesa kuti kuvomera imodzi ndi kuvomera zonse. Kulola kuti mwana ajambulidwe paphwando ndi chilolezo choyamba. Kulola kuti chithunzicho chitumizidwe ku kampani kuti chikasinthidwe ndi chachiwiri. Kulola kuti chiikidwe poonekera, ndi kunena amene achione, ndi chachitatu. Mayi uja anavomera choyamba chokha, ndipo mwina anangovomera pokhala chete. Kufunsa zonse zitatu sikutenga nthawi. Munthu akhoza kungonena kuti, “Amake mwana, ndili ndi chithunzi cha ana paphwando lija. Ndimafuna ndichitumize pa intaneti kuti makina achisandutse katuni, kenaka ndichiike pa Facebook pomwe anzanga onse angachione. Wanu alipo. Mukulola, kapena ndimuchotsepo?” Mawu omalizawo ndi ofunika, chifukwa amapatsa mnzanu njira yokanira popanda kuchita manyazi. Paja kwathu munthu amavutika kunena kuti ayi kwa mnansi kapena kwa wamkulu, choncho akayankha kuti “kaya” kapena “tiona,” muwerenge kuti wakana. Pachithunzi pakakhala ana asanu a mabanja atatu, zilolezo zikhale za mabanja atatu. Ndipo mwana amene wafika msinkhu woyankha, mufunseni nayenso, mumuonetse katuniyo musanaiike. Akanena kuti sakuifuna, mawu ake akhale omaliza ngakhale makolo atalola.

Eni mwana akakana, kapena mukalephera kuwapeza, njira ndi yodula mwanayo pachithunzi m'foni mwanu momwemo, musanachitumize kulikonse. Kuphimba nkhope pambuyo poti chithunzi chapita kale ku kampani ndi kutseka khola mbuzi zitatuluka. Akalola, yang'anani zimene zili kumbuyo ndi pathupi: baji ya sukulu, nambala ya nyumba, nambala ya galimoto, chikwangwani cha tchalitchi. Musalembe dzina la mwana pamodzi ndi sukulu kapena dera. Ndipo ngati mukukhulupirirabe kuti katuni yanu yabisa mwana, iyeseni motere: ionetseni munthu amene amamudziwa mwanayo koma sanali paphwandopo, mumufunse kuti, “Uyu ndani?” Akamutchula, ndiye kuti simunabise kanthu.

Ngati munaika kale, musadikire kuti wina adandaule. Chotsani chithunzicho, pemphani amene anachigawa kuti achotsenso, fufutani zimene munatumiza m'pulogalamu muja, ndipo uzani eni mwana zimene zinachitika, kuphatikizapo masiku amene chinakhala poonekera. Gawo lomalizali ndi lowawa, koma ndi limene limathandiza koposa, chifukwa kholo lodziwa likhoza kuchenjeza aphunzitsi. Dziwaninso kuti kufufuta kuli ndi malire. Zimene anthu anakopera m'mafoni mwawo simungazibweze. Msuweni wathu anachotsa katuni ija patangopita mphindi zochepa atauzidwa, koma inali itakhala kale masiku asanu ndi anayi.

Sindikunena kuti tileke kusangalala ndi zithunzi. Nkhope yanu ndi yanu, isandutseni chilichonse chimene mukufuna mutawerenga zimene mukuvomera. Ndikudziwanso kuti kwa amene muli kutali, chithunzi cha mwana wa mbale wanu ndi njira imodzi yokhalira pafupi ndi kwanu, ndipo kuchikongoletsa ndi njira yonenera kuti mumamukonda. Koma chithunzi chimene chafika m'gulu la banja chabwera kuti muchione. Amene anachitumiza sanakupatseni kuti mupite nacho kwina. Mwana amene ali pamenepo adzakula, tsiku lina adzafufuza dzina lake pa intaneti, ndipo adzapeza zimene ife tinasankha m'malo mwake iye asanathe kutitsutsa.

Mayi uja sanatikalipire. Tsiku limene ankasamuka, mlongo wanga anapita kukapepesa atanyamula kathumba ka ufa. Mayiyo analandira ufawo ndi manja awiri, nathokoza, kenaka anati, “Mukanangondifunsa, achemwali.” Mpaka lero sitikudziwa kumene anasamukira, ndipo palibe wa ife amene wayesa kufufuza.